Kalata Yodzera M'manja mwa a Kapitawo

Kumsika wa ku Nangongwe kulibe wogulitsa amene amasangalala akandiona ndikubwera. Amayi a tomato amayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ku Chanyanya asodzi amakodolana, amvekere, "Abwela baja otukwana nsomba." Njira yanga njakale ndipo sindiibisa. Katundu ndikamufuna ndimamunyoza. Nsomba ndimaitembenuza ndi chala chimodzi ngati yandilakwira, n'kufunsa ngati inafa yokha ndi ukalamba. Mtengo akaukakamira ndimapukusa mutu, n'kutembenuka, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, miyendo kutsogolo khutu kumbuyo. Sindifika patali. "Bwelani mudala, tengani chabe, mwanivuta." Ndipo ndikakhala kuti wogulitsa ndine, luso ndi lomwelo koma lotembenuza: katundu umamutama mpaka wogula achite manyazi kumusiya. Njinga yanga yakale, yopanda mabuleki, ndinaigulitsa kwa munthu amene anachoka akundithokoza.

Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti amene analemba kalata ndikufuna kukambayi sanali munthu wogona. Ankadziona wochenjera, ndipo anthu ankamuvomereza.

Ndimagwira ntchito pakampani ina yopanga chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, kumbali ya mafakitale kuno ku Kafue. Ndine kalaliki wotulutsa katundu. Malole akafika ndine ndimaona kuti ili litenga matumba ati, lipita kuti, liyambe kupakira ndi liti, ndipo mapepala ake agwirizane ndi zimene zili m'kompyuta. Ndinalowa pamenepo tsitsi lili bii, pano layamba kuchita mawanga. Fumbi la gaga limalowa m'mphuno, m'makutu, m'thumba la malaya, ndipo ukafika kunyumba nkhuku za aneba zimakutsatira. Pamwamba panga pali munthu mmodzi yekha, a kapitawo athu, bambo wamtali wochokera kuchigawo cha kum'mawa ngati ine, amene atate ake anagwira ntchito ya njanji limodzi ndi atate anga. Pamwamba pa a kapitawo palibe makwerero ena a munthu wa kokwezera malole. Ndipo tonse tinkadziwa kuti iwo akadzapuma, mpando wawo adzaupereka kwa munthu wa mapepala wochokera kunja. Atate anga anapuma ntchito ya njanji pa giredi yomwe analowera. Ankanena zimenezi moseka, koma amayi sankaseka nawo.

M'chipinda cham'mwamba muli ofesi yogula zinthu. Ndiwo amagula chimanga ndi soya kwa alimi a ku Shimabala ndi kwina kutali, amagula matumba, ulusi wosokera, zitsulo za makina. Kumeneko kuli makwerero enieni: umalowa ngati wothandiza, ukalimbikira umakhala wogula, ukapitirira umayang'anira anzako. Kampani imakulipirira sukulu ya ntchitoyo kuti ukhale ndi setifiketi. Ndipo ntchito yake, tikanena mosapsatira, ndi kunenerera mitengo utavala tayi. Ine amene ndakhala ndikunenerera ulere moyo wanga wonse, ndinkati ndikayang'ana mawindo awo mtima unkandiwawa ngati munthu woona wina akudya nsomba moiwononga.

Tsiku lina pabolodi la pafupi ndi kantini panamatidwa chidziwitso. Kumwambako kukufunika wothandiza kugula zinthu, ndipo ayamba afunafuna m'kati mwa kampani momwemo. Ofunsira akhale olembedwa ntchito yokhazikika, opanda mlandu, omaliza sekondale. Dipuloma sanaitchule. Mphekesera zinali zoti aka n'komaliza kutenga munthu wopanda dipuloma, chifukwa malamulo a ntchito yogula zinthu akunka nakhwima. Ndinawerenga chidziwitsocho mpaka mlonda anandifunsa ngati pali maliro.

Pansi pake panali mawu amene aliyense wogwira ntchito m'kampani amawadziwa: kalata ipite kwa mkulu woona za antchito, kudzera kwa mkulu wa dipatimenti yako. Ndiye mwambo wake. Sungadumphe. Pamwamba pa kalata umalemba keyala ya amene ukumulembera, pansi pake n'kulembanso ya bwana wako, ndipo iye amawerenga, n'kulemba maganizo ake m'mphepete, n'kusaina, n'kudinda. Amanena ngati akukuvomereza, ndiponso ngati angathe kukumasula. Kalata yopanda dzanja lake imabwezedwa osawerengedwa. Ine mawu amenewo ndinawaona ngati mlatho chabe, poti a kapitawo ndi munthu wakwathu.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu china. Zaka zonsezi ndinali ndisanaphunzitsepo munthu ntchito yanga. Sikuti ndinkakana. Akandipatsa munthu ndinkamuonetsa pokhala, n'kumutuma kukawerenga matumba. Koma zenizeni, monga kasitomala uti amalemba oda molakwitsa koma amafuna zakutizakuti, dalaivala uti ukamupakira poyamba amakagona panjira, kompyuta ikakana kutulutsa pepala umaipusitsa bwanji, zimenezo zinkakhala m'mutu mwanga. Ndinaona anthu ambiri akuchotsedwa ntchito m'tauni muno mafakitale atayamba kutsokomola, ndipo ndinaphunzirapo kuti amayamba kuchotsa amene ntchito yake wina angaigwire. Ndikapita patchuthi foni inkalira tsiku lonse. Ndinkadandaula mokweza kuti mkazi wanga amve, koma m'mimba ndinkamva kukoma.

Kalatayo ndinailemba Lamlungu masana titabwera kutchalitchi, pakhonde, m'Chingerezi chimene ndimasungira maliro ndi milandu. Chiyambi chinali bwino. Ndinatchula malo amene ndikufunsira, ndi kumene ndinaona chidziwitso, ndi ntchito imene ndikugwira pano. Kenaka msika unandilowa m'magazi. Ndinalemba kuti chilowereni ine palibe lole linatulukapo ndi katundu wolakwika. Ndinalemba kuti ndine ndekha pakampani ponse amene ndimadziwa kayendedwe ka katundu kuchoka m'nkhokwe kufika pageti. Ndinalemba kuti ndikapita patchuthi ntchito imaima, ndipo a kapitawo angachitire umboni. Chiganizo chimenecho ndinachikonda kwambiri mwakuti ndinachibwereza kumapeto m'mawu ena. Za ofesi yogula zinthu ndinangoikapo mzere umodzi, wakuti ndili ndi chidwi chachikulu.

Mkazi wanga amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika. Ndinamuwerengera kalatayo akusita madiresi oti akapachike m'mawa mwake, ndikumamasulira pamene ndinkaona kuti Chingerezi chakwera kwambiri.

"Yamveka bwino," anatero. "Manje iyi kalata, mufuna kuyenda kumwamba olo mufuna bakuongezeleni ndalama pamene muli?"

"Kumwamba, iwe. Sunamve?"

"Namvela chabe za malole. Kumwamba kuli malole?"

"Amake mwana, iwe ugulitsa. Diresi ukaigulitsa umakamba kuti ili na kabowo kukhwapa?"

"Sinikamba. Koma siniuza kasitoma kuti iyi diresi nikaigulitsa nizayenda chintako."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti nkhani za m'maofesi azisiyira ife. Iye anangotembenuza diresi n'kupitiriza kusita. Anandipempha kuti alembe dzina la ofesiyo pakapepala akapereke kumapemphero a azimayi, ndipo ndinamulola, poganiza kuti katundu wabwino kumuonjezera pemphero sikulakwa.

Lolemba ndinakaitaipitsa pakashopu ka pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ndinanenerera mtengo wa fotokope ya masetifiketi, n'kumangirira zonse pamodzi ndi pepala la mbiri ya ntchito yanga. Kwa a kapitawo sindinapite chimanjamanja. Ndinanyamula nsomba zouma zabwino, zokulunga m'nyuzipepala, poti munthu wakwanu sumuona ndi pepala lokha.

Anali m'kaofesi kawo ka magalasi kamene kamayang'ana kokwezera malole. Nsombazo anazinunkhiza n'kuziika pansi pa tebulo. Kalatayo anaiwerenga atavala magalasi, milomo ikuyenda. Atafika pa chiganizo changa chokondedwa chija anagwedeza mutu.

"Apa wanena zoona, mwana wa kwathu."

"Ni zoona, ba kapitawo."

"Ukapita patchuthi ine sindigona. Shuga amakwera."

"Mwaona ka. Ndiye mukaikepo mawu abwino."

"Ndinganame bwanji? Zonse walembazi ndi zoona zokhazokha. Isiye, ndiipereka ndekha."

Ndinatuluka m'menemo ndikuyenda ngati ndavala kale tayi. Loweruka lake ndinakagula tayiyo, yabuluu, kwa mnzake wa mkazi wanga, ndipo ndinamunenerera mpaka anandiuza kuti ndisadzabwerenso. Ndinayamba kupatsa moni anthu a kumwamba mowatchula maudindo awo. Madalaivala ndinkawauza kuti andione bwinobwino, chifukwa posachedwa azidzandiona pawindo.

Maina a oitanidwa kukafunsidwa mafunso anamatidwa pabolodi lomwe lija. Panali mayi wina wa kumaakaunti, ndi bambo wina wa kusikelo amene sadziwa n'kugula chinanazi chomwe. Dzina langa panalibe. Ndinayang'ana kuseri kwa pepalalo, ngati kuti maina ena amalembedwa kumbuyo.

Ndinakwera masitepe kupita kwa mayi woona za antchito. Ndi mayi wodekha, wamng'ono kwa ine, amene amakuyang'ana ngati nesi. Anandipatsa mpando, n'kutulutsa faelo yanga osafunsa chimene ndabwerera.

"Ba mayo, napita pa bolodi," ndinatero. "Kapena makina yanadumpha dzina."

"Siyanadumphe, ba kalaliki. Onani."

Anatembenuza kalata yanga kuti ndiione. M'mphepete munali dzanja la a kapitawo, lopendekera, ndi chidindo chofiirira. Analemba kuti zonse zimene wanena wofunsirayu ndi zoona, ndi wantchito wabwino kwambiri, ndipo pa chifukwa chimenecho dipatimenti singathe kumumasula kufikira patapezeka wina wodziwa ntchitoyi, amene pakali pano palibe.

Ndinawerenga kawiri. Munalibe bodza ngakhale limodzi loti ndiligwire.

"Koma ananilonjeza mawu abwino."

"Si abwino aya? Ena amalembeledwa zoipa, imwe bakutamani."

"Manje ngati nine wabwino, bwanji simunaniitane?"

Anapumira m'mwamba. Anandifotokozera mofatsa, ngati akuuza wodwala za mankhwala. Kumwambako akufuna munthu woti ayambe mwezi ukubwerawu, chifukwa nyengo yogula chimanga yayandikira. Sangaitane munthu amene dipatimenti yake yakana kumumasula. Akanatha kukakambirana ndi a kapitawo, anatero, chikhala kuti kalata yanga inawapatsa pogwira. Ena amalemba kuti ntchito yanga ndaphunzitsako wakutiwakuti, ndipo ndidzamusiyira bwinobwino m'masabata angapo. Ena amalemba zimene adzabweretse kumalo atsopanowo. "Imwe mudziwika tauni yonse kuti mumadziwa kukamba mitengo. Bakulu ba kumwamba banafunsa za imwe. Koma mu kalata simunalembemo olo kamodzi. Mwalemba chabe kuti mukachoka pansi paja, kampani izagwa. Manje ise tingagwetse kampani?"

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinatama katundu pamaso pa mwini wake. Pamsika wotama ndi amene wagwira katunduyo m'manja, ndipo akamutama amafuna achoke. Ine ndinkayesa kuti ndine wogulitsa. Sindinali wogulitsa. Wogwira katundu anali a kapitawo, ogula anali a kumwamba, ine ndinali nsomba ili pathebulo, yotsegula kukamwa n'kumauza mwini wake kuti nsomba ngati ine sadzaipezanso mumtsinje wonse.

Koma chizolowezi sichifa msanga. Ndinayamba kunenerera.

"Nipaseni mwezi umodzi, niphunzitse munthu."

"Nthawi yofunsila inatsekedwa."

"Masabata yabili. Nizamuphunzitsa usana na usiku."

"Ba kalaliki."

"Nilembe kalata ina. Iyi tiing'ambe, palibe anaona."

"Yalowa kale mu faelo. Ili na chidindo."

Ndinatsala ndi chida chimodzi, chimene sichinandigwiritsepo mwala chibadwire. Ndinaimirira, n'kukankhira mpando m'malo mwake mwaulemu. Ndinati ngati zili choncho, ndiye kuti pakampani pano tsogolo langa palibe, ndipo kuli bwino ndikayese kwina. Ndinatchulako zoti ku Lusaka anthu akhala akundifuna, chimene chinali chosaona, pokhapokha tikawerengera mlamu wanga amene amandifuna pa zifukwa zina.

Mayiyo anandiyang'ana mwachisoni chenicheni. "Ngati mwaganiza teti, mulembe kalata yosiya nchito, mupeleke notisi ya mwezi. Nayo ipitile kwa ba kapitawo."

Ndinatembenuka. Ndinayenda kupita kuchitseko pang'onopang'ono, miyendo kutsogolo khutu kumbuyo. Ofesi imeneyo ndi yaing'ono, ndiye ndinachita kufupikitsa mapazi kuti ulendo utalike. Ndinagwira chitseko. Ndinaweramira nsapato ngati chingwe chamasuka, chonsecho nsapato zanga za ntchito zinali zomanga bwino. Kumbuyo kwanga ndinamva kabati ikutsekuka, faelo ikulowa, kabati ikutsekeka. Kenaka ndinamva akuimba foni, kufunsa wina za mayunifomu a alonda.

Pamasitepe ndinaimanso pang'ono. Palibe anatsegula chitseko.

Pansi ndinapeza malole ali pamzere mpaka pageti, madalaivala akuliza mahutala, chifukwa kompyuta inakana kutulutsa pepala ndipo panalibe wodziwa kuipusitsa. Mmodzi anakuwa, "Bwana wa pawindo, tithandizeni!" Anzake anaseka. Ndinakhala pampando wanga n'kukonza vutolo osayang'ana n'komwe.

A kapitawo ndinawapeza madzulo ake akutseka kaofesi kawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri, ena a m'Baibulo. Iwo sanathawe maso anga.

"Wakwiya, mwana wa kwathu."

"Munanipha, ba kapitawo."

"Ndakupha ine? Unabwera ndi pepala lonena kuti ukachoka ine ndatha. Umafuna ndisaine kuti inde, ndithe? Ndatsala pang'ono kupuma. Ukufuna ndipume ndi manyazi, malole atatsekereza msewu?" Anakhoma loko n'kuyesa ngati yagwira. "Ukanabwera kaye tikambe, usanalembe. Tikanapeza munthu, ukanamuonetsa ntchito, ine n'kulemba kuti ndikumasula. Kangati ndakupatsa anthu iwe n'kumawatuma kuwerenga matumba?"

Ndinafuna kuwafunsa za nsomba zanga, koma ngakhale ine ndili ndi malire.

"Zinali zokoma," anatero okha, ngati amva. "Amayi ako, akunyumba kwanga, akuthokoza."

Kunyumba mkazi wanga sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akananena, tikanakangana, mtima ukanapepukako. Anangondiikira madzi osamba, n'kundiuza kuti azimayi a kumapemphero akufunsa ngati apitirize. Ndinati awauze apumule.

Malo aja anatenga bambo wa kusikelo. Kalata yake, ndinamva, inali yaifupi. Ananena kuti amadziwana ndi alimi ambiri poti ndiye amawayezera chimanga, ndipo mnzake wa pasikelo atha kugwira ntchito yake kuyambira tsiku lomwelo. Tsopano ali kusukulu ya Loweruka imene kampani ikulipira. Amandipatsa moni bwino. Nthawi zina amatsika kudzandifunsa kuti wogulitsa matumba akakakamira mtengo amatani, ndipo ine, chitsiru, ndimamuuza, chifukwa sindingapirire kuona munthu akugula modula. Chidziwitso chotsatira cha ofesi imeneyo chinatuluka chaka chathachi. Mzere woyamba unali wa dipuloma.

Kalata yanga sinafere m'faelo. Akuluakulu anaiwerenga, ndipo inawaopsa. Anati sizingatheke kuti ntchito yonse yotulutsa katundu ikhale m'mutu mwa munthu mmodzi, nanga atagundidwa ndi minibasi? Analamula kuti zonse zimene ndimadziwa zilembedwe, ndiponso kuti ndiphunzitse munthu wina mokwanira, a kapitawo azionetsetsa. Anandipatsa bambo wina wochokera kunkhokwe, wa ana ake akuluakulu, waulemu, wogwira zinthu msanga, amene malipiro ake ndi ochepa kuposa anga. Ameneyu sindingamutume kukawerenga matumba. Lachisanu lililonse a kapitawo amamufunsa zimene waphunzira, n'kuchonga.

Ndamuonetsa za makasitomala olemba molakwitsa. Ndamuonetsa madalaivala ogona panjira. Za kompyuta ndinazengereza nazo mpaka a kapitawo anachita kuima kumbuyo kwanga, ndipo ndinamuonetsa. Anayesa kamodzi, pepala linatuluka.

"Ah, ni ichi chabe?" anatero mosangalala. "Nenze kuganiza ni vovuta maningi."

Mwezi wathawu ndinatenga tchuthi. Foni ndinaitchaja bwinobwino, n'kuiika pakhonde pafupi ndi mpando wanga. Ndinakhala pamenepo kuyang'ana anthu akupita kukakwera mabasi. Inalira kamodzi, Lachitatu. Anali mlamu wanga.